Lipoti la mu labu: "intaneti yafa" ka 27 pa masabata 6, chonsecho matenda anali atatu osiyana

Ndimaphunzitsa za kompyuta pa sukulu ina ya sekondale ndipo labu ndimayang'anira ndekha, tekinishani kulibe. Muli makompyuta 30 a pa desiki, onse a Windows, mizere itatu ya teni teni, masiwichi awiri a mapoti 24 iliyonse, omwe ndi mabokosi olumikizako makebulo a netiweki a makompyuta onse, komanso rauta imodzi yomwe ili ku ofesi, yomweyo ndi imene imaperekanso wayifayi kwa aphunzitsi. Ndikulemba izi chifukwa teremu ina ndinazunzika zedi ndi vuto lomwe ndimaliona ngati limodzi, ndipo chimene chinandipulumutsa si luso la zamakompyuta ayi, ndi kabuku ka hadikava ndi bolopeni.

Poyamba kabukuko kanalipo kale, koma mmene ndimalembera zinali zopanda pake. Mwana akweza dzanja, "aphunzitsi, intaneti yafa", ine kupita, kuzimitsa kompyuta nkuyatsanso, ikagwira basi, m'bukumo nkulemba "intaneti, yakonzedwa". Mawu awiri amenewo. Patatha mwezi ukawerenga tsamba lonse ndi "intaneti, yakonzedwa" kuchokera pamwamba mpaka pansi, sukudziwa kuti inali kompyuta iti, pa mpando uti, nthawi yanji, ndiponso mwana uja amaona chani pa sikirini. Ana akati intaneti yafa amatanthauza chilichonse, tsamba likuchedwa, tsamba labweretsa chenjezo, ngakhale mwana walemba adiresi molakwika iye amangoti intaneti yafa.

Chinandipangitsa kusintha ndi mpando wachinayi pa mzere wapakati. Kompyuta ya pamenepo imangoduka duka, ine nkuitenga kupita nayo pa tebulo langa, kuilumikiza pa kebulo yanga, ikugwira bwinobwino. Ndinati ayi mwina ndi Windows yomwe yasokonekera, Loweruka lathunthu ndinakhala mu labu kuikamo Windows yatsopano ndi mapulogalamu onse. Pa mpando paja ndinali nditaikapo kompyuta ina yapadera ija timasunga. Lachiwiri, mwana wokhala pa mpando womwewo dzanja m'mwamba. Kompyuta ina, vuto lomwe lija. Nde Loweruka langa linangopita pachabe, ndimachiza kompyuta yoti siimadwala nkomwe.

Mmene ndinasinthira kalembedwe

Chinthu choyamba ndinapatsa manambala zinthu ziwiri padera, kompyuta ndi malo ake. Kompyuta iliyonse ili ndi sitika pa bokosi, K01 mpaka K30, ndipo dzina lake mu Windows ndi lomwelo kuti ndikaliona pa rauta ndizilidziwa. Desiki iliyonse ili ndi yake, M01 mpaka M30, yolembedwa ndi maka pa desiki penipeni. Kebulo ya netiweki imatenga nambala ya desiki, osati ya kompyuta, ndipo ndinamata tepi mbali zonse ziwiri, ku kompyuta ndi ku siwichi. Anthu ambiri amangolemba nambala imodzi, koma makompyuta a mu labu amayendayenda, lero wachotsa iyi waika ina, ana akusesa asuntha, nde pakatha teremu nambala 14 sukudziwanso ngati ndi bokosi kapena ndi desiki.

M'buku mzere uliwonse uli ndi tsiku ndi dzina la tsikulo, nthawi, K, M, zomwe zalembedwa pa sikirini ndendende mmene zilili, chinthu chimodzi chomwe ndachita, ndi zomwe zachitika pambuyo pake. Dzina la tsikulo ndinangoliikapo mwa chizolowezi cha pa bolodi, sindimadziwa kuti ndi limene lidzandithandize kwambiri.

Pa zolembedwa pa sikirini ndinakhwimitsa lamulo, mwana asanene kuti yafa, awerenge zimene akuona ndipo asatseke tsambalo ine ndisanafike. Ndikafika ndisanazimitse chilichonse ndimayang'ana zinthu zitatu ndipo sizitenga ngakhale miniti: deti ndi nthawi pa ngodya ya sikirini, kanyali ka kumbuyo kwa kompyuta pomwe pamalowa kebulo ngati kakuyaka, kenako ndimadina batani la Windows pamodzi ndi R, kulemba cmd, nkulemba izi:

```
ipconfig
```

Ndimakopera mzere wa IPv4 Address, yomwe ndi adiresi ya kompyutayo pa netiweki, m'buku. Kuzimitsa nkuyatsanso kumabwera pambuyo pa zimenezi, chifukwa ukayamba ndi kuzimitsa wafufuta umboni wonse, ndipo ikagwira umadziona ngati katswiri chonsecho sunadziwe chomwe chinavuta.

Ndipo chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ukasintha kebulo, poti ya pa siwichi ndi kompyuta zonse pakamodzi zigwira inde, koma chinali chowonongeka ndi chiti? Kebulo yoipa ija uibweza mu katoni, mawa uipatsa desiki ina.

Patatha masabata 6 ndinakhala pansi Lachisanu masana nkuwerenga. Mizere yonse inali yambiri, mausi, makiyibodi osowa mabatani, sikirini imodzi yothima thima, koma ya intaneti inali 27. Ndinatenga pepala lina nkuyamba kusanja, koyamba potsata K, kachiwiri potsata M. Mizere 9 inagwera pa makompyuta atatu okha, K07, K19 ndi K22, kaya ali pa desiki iti. Mizere 7 inagwera pa M14, makompyuta atatu osiyana adutsapo. Yotsala 11 inali mbwee, K wina lero wina mawa, M chimodzimodzi, yosagwirizana ndi chilichonse.

M14

Iyi inali yosavuta nde sindichedwapo. Pa mizere 7 yonse ndinali nditalemba zofanana, kanyali kakumbuyo kozima ndipo ipconfig ikuti Media disconnected. Mawu amenewa amatanthauza kuti kompyuta sikuona waya aliyense, kwa iyo zili ngati mwazula kebulo, nde apa musataye nthawi ndi Windows kapena bulawuza. Vuto lili pa zinthu zitatu basi, poti ya kompyuta, kebulo, kapena poti ya pa siwichi. Poti ya kompyuta buku linali litaichotsa kale popeza makompyuta atatu onse sangakhale ndi poti yoipa pa desiki imodzi yokha. Ndinatenga kebulo yomwe ndikudziwa kuti ndi yabwino, kuidutsa pamwamba pa madesiki, kuilowetsa pa poti yomweyo ya siwichi, sabata yathunthu osaduka. Nde siwichi ilibe mlandu.

Kebulo yakale ndinaiika pa kotesitera kaja kamene kamayatsa timagetsi 1 mpaka 8. Itangokhala chete tonse timayaka, koma ndikagwedeza kamutu nambala 6 imadumphidwa. Mu kebulomo muli timawaya 8, ndipo 1, 2, 3 ndi 6 ndi timene kulumikizana kumadalira ngakhale pa liwiro lotsika, nde kamodzi ka timeneti kakamasuka zonse zimathima. Kapulasitiki kokanikiza kaja komwe kamati khethe ukamalowetsa kanalinso kothyoka. Chifukwa chake ndinachiona nditagwada pansi pa desiki, kebulo ya M14 imalendewera pomwe mwana amatambasulira miyendo. Ndinadula kamutu, kupanirapo kena potsata ndondomeko ya mitundu ya mbali inayo, kumangirira kebulo m'mwamba ku chitsulo cha desiki. Yatha.

K07, K19 ndi K22

Apa adiresi inali bwinobwino, 192.168.1.120 ndi zina zotero, kanyali kakuyaka, ndipo ndikayesa izi zonse ziwiri zimayankha:

```
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
```

Yoyamba ndi rauta yathu, yachiwiri ili kunja pa intaneti. Zonse zikayankha nde kuti netiweki ili moyo. Koma Chrome imabweretsa tsamba la chenjezo lolembedwa Your clock is behind, pansi pake NET::ERR_CERT_DATE_INVALID, ndipo pa ngodya deti imakhala ya zaka zambiri zapitazo.

Nkhani yake ndi iyi. Tsamba lililonse loyamba ndi https lili ndi setifiketi, ndipo setifiketiyo ili ndi tsiku loyambira ndi lothera. Bulawuza imafananiza masiku amenewo ndi wotchi ya kompyuta yanuyo. Wotchi ikabwerera m'mbuyo zaka, setifiketi imaoneka ngati nthawi yake sinakwane, bulawuza nkukana kutsegula, ndipo popeza masiku ano pafupifupi masamba onse ndi a https mwana amaona ngati intaneti yonse yafa. Wotchiyo kompyuta ikazima imayendetsedwa ndi kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo komwe kali pa mazabodi, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3.

Chimene ndinaphunzira apa ndi chakuti kabatireko kamapuma kompyuta ikakhala yozima koma pulagi ili pa moto, chifukwa pawa sapulayi imapitiriza kupereka kamoto kochepa ku mazabodi. Kamagwira ntchito moto ukachotsedweratu. Ifeyo timazimitsa siwichi yaikulu ya magetsi a mu labu tsiku lililonse poweruka, Loweruka ndi Lamlungu lonse, holide yonse, nde timabatire tathu timagwira ntchito nthawi yambiri kuposa ta kompyuta ya mu ofesi yomwe pulagi yake sazula. Sindinasiye kuzimitsa ayi, bola kugula timabatire kusiyana nkusiya makompyuta 30 pa moto usiku kuli ziphaliwali, koma ndi bwino kudziwa kuti nchifukwa chake.

Ndisanamvetse ndimangokonza deti pamanja nkulemba "yakonzedwa", mawa lake yabwereranso. Nthawi zina Windows imadzikonzera yokha patapita kanthawi, nthawi zina ayi, makamaka kusiyana kukakhala kwakukulu kwambiri imatha kukana, nde kuti kalasi ipitirire ndimaika deti pamanja kaye kenako pa cmd yotsegulidwa ndi Run as administrator ndimalemba:

```
net start w32time
w32tm /resync
```

Koma izi nzongodutsira piriyodi.

Kusintha kwake ndimapanga chonchi. Ndimalowa kaye mu BIOS, momwe mumakhala zosankha za mazabodi ndipo mumalowamo Windows isanayambe, nkujambula ndi foni masamba a zosankha, makamaka la SATA, lomwe ndi la kalumikizidwe ka disiki, ndi la ndondomeko ya kuyaka. Chifukwa chake nchakuti pa makompyuta ena kabatire kakachoka zosankha zimabwerera za ku fakitale, ndipo ngati Windows inaikidwa disiki ili pa AHCI koma fakitale inaika RAID, mukayatsa mulandira sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE nkuyamba kuganiza kuti mwapha disiki. Simunaphe, bwezerani chosankhacho mmene chinalili iyaka. K19 inandichita zimenezi ndipo mtima unagunda kaye ndisanakumbukire chithunzi chija. Kenako kuzimitsa, kuzula pulagi, kudina batani loyatsira masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, kutsegula bokosi, kugwira chitsulo cha bokosilo musanagwire za mkati. Kabatire kamagwiridwa ndi kachitsulo kam'mbali, mukakakankha ndi chala kabatire kamadumpha kokha, osapanikiza ndi sikuludiraiva chifukwa muthyola kamalo kake. Katsopano mbali yolembedwa + iyang'ane m'mwamba. Kuyatsa, kuika deti mu BIOS, kusunga.

Ndinayeza takale pa matimita, kachipangizo koyezera mavoti, ka K07 kanali pa mavoti 1.6, ka K19 pa 0.9, ka K22 pa 2.1. Katsopano kamawerenga kupitirira 3 pang'ono. Kenako buku linandikumbutsanso china, atatuwa anali a gulu limodzi la makompyuta 12 omwe anabwera limodzi, nde timabatire tawo ndi ta msinkhu umodzi. Ndinatsegula 9 otsalawo nkuyeza, asanu anali pansi pa 2.8, ndinawasinthiratu osadikira kuti adzandichititse manyazi pa mayeso a pulakitiko. Takale musatisiye pa desiki, mwana wamng'ono akameza kabatire kotere ndi ngozi yaikulu, ine ndimatimata tepi nkutsekera mu kabati.

Mizere 11 yosamveka ija

Apa nde panali ntchito. Kanyali kakuyaka, deti ili bwino, koma adiresi yomwe ndinakopera pa mizere yonse 11 imayamba ndi 169.254. Adiresi yotere siichokera ku rauta. Kompyuta ikayaka imafunsa pa netiweki kuti ndipatseni adiresi, amene amayankha ndi DHCP, kwa ife ili mkati mwa rauta momwemo, ndipo ikafunsa osayankhidwa Windows imangodzipatsa yokha ya 169.254 yomwe siingakufikitseni pa intaneti. Ndikalemba

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
```

imakhala kaye chete nthawi yaitali kenako nkunena kuti unable to contact your DHCP server.

Maganizo anga oyamba anali siwichi. Ndinayang'ana ma M a mizere ija, 6 anali pa siwichi yoyamba, 5 pa yachiwiri, nde si siwichi imodzi yomwe ikudwala. Ndinaganiza za kebulo yochokera ku ofesi, koma imeneyo ikanavuta bwenzi labu yonse ili pa 169.254 nthawi imodzi, osati awiri kapena atatu anzawo onse akusakatula bwinobwino. Ichi chisungeni, onse akagwa pamodzi thamangirani ku rauta kapena kebulo yaikulu, akagwa ochepa nde kuti rauta ndi kebulo yaikulu sizinafe. Ndinayesa kusintha makebulo, palibe. Ndinasinthanitsa K11 yomwe imavuta ndi K12 yomwe imagwira, K11 inapitiriza kuvuta pa desiki yatsopano, ndinati eya ndaipeza ndi kompyuta, mawa lake K11 ili bwino ngati sinadwalepo, sabata yotsatira yavuta ndi K26.

Ndipo chimene chimandipusitsa kwambiri nchakuti vutoli limatha lokha. Ndikhoza kulimbana nayo mphindi 20, kuisiya, kubwerako masana ikugwira. M'buku ndinali nditalemba mankhwala osiyanasiyana, apa "ndasintha kebulo, yagwira patapita nthawi", apa "ndazimitsa siwichi, yagwira patapita nthawi", chonsecho palibe ngakhale chimodzi mwa izi chomwe chinachiza. Windows ikakhala pa 169.254 siigonja, imafunsabe pakapita mphindi zisanu zilizonse, nde tsiku lomwe yapeza yankho ine nkumadzitama kuti ndakonza.

Popeza K wakanika, M wakanika, ndinasanja potsata tsiku. Mizere 5 Lolemba, 4 Lachinayi, 2 Lachiwiri. Lachitatu ndi Lachisanu palibe olo umodzi. Ndinatenga taimutebulo, Lolemba ndi Lachinayi kalasi yoyamba mu labu imalowa 10:30, masiku enawo 7:30. Ndiye funso linasintha, osati kompyuta iti kapena desiki iti koma chimachitika nchani pakati pa 7:30 ndi 10:30.

Yankho linabwera kuchokera kwa mayi ena ophunzitsa masamu mu sitafu rumu, osadziwa nkomwe kuti akundithandiza. Anandipatsa foni yawo nkuti, "Aphunzitsi, tandionereni, wayifayi yanuyi Lachitatu lililonse imangozungulira, koma Lolemba ilibe vuto." Pa foniyo panalembedwa Obtaining IP address, yangoima pomwepo. Linali Lachitatu, labu inali itayaka kuyambira 7:30. Masiku omwe labu ili pa mtendere mafoni akuvutika, masiku omwe mafoni ali pa mtendere labu ikuvutika. Apa mpomwe ndinazindikira kuti tikulimbirana chinthu chimodzi.

Ndinapita kwa ahedi kukapempha pasiwedi ya rauta, poti anaikonza ndi munthu wina kalekale labu isanakule. Anayamba akayika kaye, "Mukaigwiragwira ikatisiya mu ofesi muno tilibe intaneti nde titani?" Ndinawauza kuti lero ndingoyang'ana, sindisintha kanthu. Pa bulawuza ndinalemba 192.168.1.1, kulowa, kupita pa tsamba la DHCP. Start IP Address inali 192.168.1.100, End IP Address 192.168.1.149. Maadiresi 50 okha. Lease Time maola 24. Mndandanda wa omwe atenga maadiresi unali wodzaza mpaka 149.

Tawerengani nokha. Labu 30, yanga 31, makompyuta a ku ofesi 5, zakwana 36. Atsala 14 oti agawane mafoni ndi malaputopu a aphunzitsi, omwe tsiku lomwelo ndinawawerenga kuti amapitirira 14, osawerengera alendo omwe anapatsidwapo pasiwedi. Ndipo adiresi siibwerera foni ikangotuluka pa geti ayi. Rauta imabwereketsa kwa maola 24, nde mlendo wongokhala mphindi 10 wapita nayo mpaka mawa nthawi yomweyo.

Nanga bwanji Lolemba ndi Lachinayi? Kompyuta ikayaka ngongole yake ya adiresi isanathe, imangopempha yomweyo ndipo maola 24 amayambiranso. Lachiwiri 7:30 yayaka, Lachitatu 7:30 yayakanso, imakhala ikuigwirabe kapena yangoitaya kumene mafoni ambiri asanafike. Koma ya Lachitatu 7:30 imatha Lachinayi 7:30 makompyuta ali ozima, ndipo kuyambira pamenepo mpaka 10:30 maadiresi a labu ali pa mbalambanda, aliyense wolowa ndi foni akutola, kuphatikizapo aja anasowa dzulo. Lolemba nde zoipiratu, onse anatha pa wikendi. Ikamakwana 10:30 otsala sakwanira 30, nde amene achedwa kuyatsa ndi amene amagwa, mwana wolowa mochedwa, kapena kompyuta yochedwa kudzuka. Nchifukwa chake K amasinthasintha. Iwiri ya Lachiwiri ija nditayang'ananso inali makompyuta omwewo omwe anasowa Lolemba lake ndipo sanapeze tsiku lonse. Kutha kokha kuja kunali ngongole ya foni ina ikatha, adiresi nkumasuka.

Mukafuna kuona izi pa kompyuta yanu lembani ipconfig /all muyang'ane mizere ya Lease Obtained ndi Lease Expires, ikuuzani nthawi yomwe inabwereka ndi yomwe ibweze, nde simufunika pasiwedi ya rauta kuti mudziwe kutalika kwa ngongoleyo.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi zisanu, koma ndinadikira Lachisanu aweruke onse. Ndinajambula masamba onse a rauta ndi foni, nkusunganso fayilo ya zosankha zake pa fulashi. Ndinafufuza kaye zinthu zomwe zili ndi adiresi yoikidwa pamanja, ndinapeza pulinta ya ku ofesi pa 192.168.1.20, ndipo iyi ndi sitepe yomwe simuyenera kudumpha, chifukwa mukakulitsa malire nkumeza adiresi ya pulinta, rauta ikhoza kudzaipereka kwa foni ina, ziwirizo nkumalimbana, aseketale nkumakusakani. Subnet Mask yathu ndi 255.255.255.0, kutanthauza kuti maadiresi ogwiritsika ntchito ndi 1 mpaka 254. Ndinaika kuyambira 192.168.1.50 mpaka 192.168.1.250, omwe ndi 201, pansi pa 50 nkusiyira rauta, pulinta ndi zina zodzabwera. Ngongole ndinaitsitsa kufika maola 8 kuti za alendo zizibwerera tsiku lomwelo. Kusunga, rauta kuyakanso, kuyesa pulinta, kuyatsa labu yonse, onse 30 anatenga.

Ndinenepo malire ake, kukulitsa maadiresi sikuonjezera liwiro. Kale anthu 50 okha ndi omwe amalowa, pano onse akulowa pa paipi yomweyo, nde sabata yotsatira ana anayamba kudandaula kuti masamba akuchedwa nthawi ya buleki. Imeneyo ndi nkhani ina ndipo inathera kwa ahedi, anasintha pasiwedi ya wayifayi nkuletsa kuipereka kwa alendo.

Kutseka mzere

Pano sindilembanso "yakonzedwa" tsiku lomwelo. Ndimalemba chomwe ndachita nkusiya bokosi lomaliza lopanda kanthu, ndipo ndimalitseka pokhapokha vutolo litadutsa pa nthawi yomwe limabwerera. La wotchi liyenera kudutsa wikendi moto uli wozima. La maadiresi linayenera kudutsa Lolemba awiri ndi Lachinayi awiri. La M14 sabata ya makalasi, ana akutambasula miyendo mmene amachitira.

Lamulo limeneli linagwira ntchito pa K22. Lolemba lotsatira nditasintha timabatire, K07 ndi K19 zinadzuka ndi deti yolondola, K22 yabwereranso m'mbuyo, kabatire katsopano kali momwemo. Ndikanakhala kuti ndinatseka mzere bwenzi nditayamba kukayikira mazabodi kapena kunena kuti anandigulitsa kabatire kakufa. Ndinakachotsa nkuyeza, 3.2, kalibe vuto. Nditaunika ndi tochi ya foni ndinaona kuti kachitsulo kapansi pa kamalo kake kanali kataphwatalala, mwina wina anakapanikizapo ndi chida kale ine ndisanabwere, nde kabatire kamangokhala pamwamba osakhudza bwino. Pulagi ili yozula ndinakadzutsa pang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, kupukuta ndi kansalu kouma, kubwezera kabatire mpaka kumveka kuti kagwira. Ndinaika deti, kuzula pulagi Lachisanu masana, Lolemba 10:30 nkuyatsa. Deti yolondola, nthawi yolondola, adiresi 192.168.1.73. Mzere wa K22 ndinautseka tsiku limenelo.